Ine ndapeza matumba 20, mmisiri akuti 31: ndani walakwitsa masamu a konkire?

"Ndikufuna kuthira konkire pansi pa nyumba yanga, mamita 8 mulitali, mamita 6 mulifupi, kuchindikala masentimita 10, kasakanizidwe ka 1:2:4. Ndawerengera chonchi: 8 × 6 × 0.1 = 4.8, ndiye 4.8 ÷ 7 = 0.69, omwe ndi malita 690 a simenti. Thumba limodzi ndi malita 35, choncho matumba 20, mawilibala 40 a mchenga ndi 80 a kwale. Koma mmisiri wanga akuti ndigule matumba 31. Ndalakwitsa pati, kapena akufuna kundidyera?"

Achimwene, mmisiri wanuyo musamukwiyire. Pa nkhani iyi walondola ndi iyeyo. Kuchulukitsa ndi kugawa kwanu kulibe vuto, ndabwereza mzere uliwonse ndipo manambala akutuluka momwe mwalembera. Zolakwika zili ziwiri, zonse zili m'zimene manambalawo akuimira, ndipo choopsa chake n'chakuti ziwirizi zikubisana. Mukanatsatira pepala lanu, konkire akanakwana nyumba yonse mpaka kutsalako, inu n'kumati masamu anga anali bwino. Mavuto akanadzaoneka patapita miyezi.

Tiyambe ndi 4.8 uja. Nambala imeneyi ndi yolondola, koma ndi kukula kwa konkire wothira kale, wosinjidwa, atakhazikika pansi. Inu mwaigawa ndi 7, kuphatikiza kwa gawo 1 la simenti, 2 a mchenga ndi 4 a kwale, ngati kuti zouma zodzaza malita 4,800 zikasakanizidwa zimapereka konkire wa malita 4,800. Sizitero. Mchenga umalowa m'mipata ya miyala, simenti imalowa m'mipata ya mchenga, ndipo madzi akathiridwa zonse zimaphwa. Mukhoza kudzionera nokha lero lomwe. Dzazani bigili ya malita 20 ndi kwale mpaka pakamwa, kenako muyambe kuthiramo madzi. Muona kuti bigili yomwe imaoneka yodzaza ikumwa malita 7 kapena 8, mwinanso kuposerapo, madzi asanasefukire. Malo onsewo ndi amene mchenga ndi simenti zimabisalamo.

N'chifukwa chake owerengera zomangira amayamba achulukitsa kukula kwa konkire ndi 1.54 asanagawe magawo. Ena amagwiritsa ntchito 1.5, ena 1.57, malingana ndi mtundu wa miyala ndi mchenga, koma palibe amene amadumpha sitepe imeneyi. Pa nyumba yanu zikhala motere:

```
4.8 × 1.54 = 7.39
7.39 ÷ 7 = 1.056
1056 ÷ 35 = 30.2
```

Mzere woyamba ukutiuza kuti zouma zonse pamodzi ndi malita 7,390. Wachiwiri ukutipatsa gawo limodzi mwa magawo 7, lomwe ndi malita 1,056, ndipo limeneli ndi la simenti. Wachitatu ukusandutsa malitawo kukhala matumba a makilogalamu 50. Matumba 30 ndi kachidutswa, ndipo poti kusitolo sagulitsa kachidutswa, 31. Mmisiri wanu mwina sanagwire n'komwe cholembera, angodziwa kuchokera pa nyumba zomwe wathirapo kale.

Cholakwika chachiwiri ndi chimene ndimakumana nacho kwambiri, ndipo amisiri ena nawonso chimawapita. Mwatenga 1:2:4 ngati thumba limodzi, mawilibala awiri, mawilibala anayi. Koma manambala atatuwa amagwira ntchito pokhapokha zonse zitatu zikayezedwa ndi chiwiya chimodzi. Bigili imodzi ya simenti, mabigili awiri a mchenga, mabigili anayi a kwale, apo ndiye 1:2:4. Thumba ndi wilibala si chiwiya chimodzi. Thumba ndi malita pafupifupi 35, pomwe wilibala yomangira yodzaza mosalaza pamwamba imakhala malita pafupifupi 65. Kunena kwina, mu wilibala imodzi mumalowa matumba awiri a simenti, kungoperewera pang'ono.

Pamenepa pali njira yoyesera imene ndimafuna aliyense wokulitsa kasakanizidwe aizolowere: mukapeza manambala aakulu, abwezeni ku thumba limodzi, zonse m'malita, muone ngati mwafika pomwe munayambira. Mawilibala anu 40 a mchenga ndi malita 2,600. Tikagawira matumba 20, thumba lililonse likulandira malita 130 a mchenga. Tsono 130 kugawa ndi 35 ndi 3.7. Kwale nayenso chimodzimodzi, akutuluka 7.4. Ndiye kuti pepala lanu lalemba 1:2:4 pamwamba, koma zomwe mukanagula ndi 1:3.7:7.4, kungotsala pang'ono kufika 1:4:8. Konkire wotere ndi uja amayala pansi pa maziko kuti dothi lisasakanikirane ndi konkire weniweni, si woti anthu aziyendapo ndi kukokerapo mipando.

Onani tsopano mmene ziwirizi zabisirana. Poiwala 1.54 munachepetsa zonse. Potenga wilibala ngati thumba munachulukitsa mchenga ndi kwale pafupifupi kawiri. Mukaphatikiza malita 700 a simenti, 2,600 a mchenga ndi 5,200 a kwale, mukupeza malita 8,500 a zouma, omwe akupereka konkire wa malita pafupifupi 5,500. Inu mumafuna 4,800. Ndiye tsiku lothira palibe akanadandaula kuti zaperewera. Mulu wa mchenga ndi wa kwale ukanakwana, nyumba ikanadzaza, chosowa chikanakhala simenti yokha, ndipo simenti ikachepa diso la munthu wosazolowera silizindikira konkire ali wamuwisi. Chikanakhala cholakwika chimodzi chokha choyamba chija, zipangizo zikanakutherani musanamalize ndipo mukanadziwa tsiku lomwelo.

Ine zinandichitikirapo pa khonde la kwathu. Ndinasiya anyamata akusakaniza, ndinawauza manambala atatuwo osawauza chiwiya. Khondelo linaoneka bwino mpaka dzinja loyamba, kenako tsache lililonse linkatuluka ndi mchenga, ndipo msomali unkakanda pansi ngati ukukanda chidina chosawotcha.

Mchenga ndi kwale wolondola ndi uyu. Gawo limodzi tapeza kuti ndi malita 1,056. Mchenga ndi magawo awiri, malita 2,112, omwe ndi mawilibala 33 tikakweza. Kwale ndi magawo anayi, malita 4,224, mawilibala 65. Taonani manambala atatuwa, 31, 33 ndi 65. Akunena zomwe amisiri ambiri amanena pakamwa: thumba limodzi, wilibala imodzi ya mchenga, mawilibala awiri a kwale. Pa kasakanizidwe kameneka, chiwerengero cha mawilibala a mchenga chikatalikirana kwambiri ndi cha matumba, pali pomwe pasokonekera.

Kuyesa kwina n'kwachidule ndipo kumagwira zolakwika za dontho la desimali. Konkire wa 1:2:4 amadya matumba 6 ndi pang'ono pa malita 1,000 alionse. Gawani matumba anu ndi kukula kwa konkire. Matumba 31 pa 4.8 akupereka 6.5, zomwe zili bwino. Matumba 20 pa 4.8 akupereka 4.2, zomwe sizikufika ngakhale pa 1:3:6, amene amafuna matumba pafupifupi 4.4. Munthu amene walemba masentimita 10 ngati 0.01 m'malo mwa 0.1 amapeza matumba atatu pa nyumba yonse, ndipo wolemba 10 osasintha n'komwe amapeza matumba masauzande. Zoterezi zimaseketsa zikakhala za wina, koma pafoni zala zimaterera. Inu apa munakhoza. Chenjezo lokha ndi lakuti musamadule manambala pakati pa njira. Mukatenga matumba 6 m'malo mwa 6.3 n'kuchulukitsa ndi 4.8 mupeza osakwana 29, thumba limodzi ndi theka latayika kale. Dulani kamodzi, kumapeto, ndipo muzikweza.

Ngakhale 31 ameneyu ndi wa papepala. Akudalira kuti pansi pa nyumba yanu ndi posalala ndipo paliponse ndi masentimita 10 ndendende. Malo anu ndi mamita 48 a sikweya. Sentimita imodzi yokha yowonjezera pamalo onsewo ndi malita 480 a konkire, matumba atatu athunthu. Musanagule, kokani chingwe pa msinkhu womwe konkire adzafike, muyeze kuya kwake ndi tepi m'makona onse anayi, pakati, ndi malo ena angapo. Mukapeza kuti kwina ndi 10, kwina 12, kwina 11, werengerani ndi 11 kapena muyambe mwasalaza ndi kusinja pansipo. Ine ndikanakhala inu ndikanagula 33, awiriwo akhale a zotayika ndi zokumbika. Akatsala, pomanga nyumba simenti sisowa ntchito, bola asakhalitse ndipo asagone pansi ponyowa.

Madzi nawonso amakula limodzi ndi zinazi, koma musawawerengere mouma mtima. Thumba limodzi limafuna malita pafupifupi 25, ndiye matumba 31 ndi malita 775, madiramu anayi a malita 200 kungotsalako pang'ono, osawerengera otsukira zida ndi othirira konkire masiku otsatira. Mchenga wa kudambo wonyowa umabwera ndi madzi akewake, choncho muchepetseko othira. Mchenga wachinyezi umafufumanso, moti wilibala yodzaza imakhala ndi mchenga wochepa kusiyana ndi ya mchenga wouma. Anyamata osakaniza amakonda madzi ambiri chifukwa fosholo imapepuka, koma madzi opitirira amafooketsa konkire monga momwe kuchepa kwa simenti kumachitira.

Wilibala yomwe ndikunenayi ndi ya malita 65, koma yanu muiyeze. Ngati ndi yotero, iyenera kudzaza ndi mabigili atatu a malita 20 ndi kotala. Ya mabigili anayi ndi ya malita 80, ndiye chiwerengero cha mawilibala chitsika. Yodzaza mpaka kupanga phiri pamwamba si muyezo, aipalase ndi thabwa. Njira yothetsera mkangano wonsewu ndi kukhomera bokosi la matabwa la masentimita 30 ndi 30 pansi, 38 m'mwamba, kuyeza mkati. Limenelo limalingana ndi thumba limodzi, ndipo 1:2:4 amangokhala thumba, mabokosi awiri, mabokosi anayi.

Zonsezi ndi za konkire wogona pa dothi losinjidwa. Silabu ya m'mwamba, mizati ndi mitanda yonyamula katundu, manambala ake azichokera kwa injiniya, kuphatikizapo mtundu wa simenti, kaya 32.5 kapena 42.5.

Tsiku lothira mukakhalepo, ndipo muuze anyamata kuti matumba otha asataye, aunjike pamalo amodzi. Thumba limodzi limakwanira mamita 1.6 a sikweya pa kuchindikala kwa masentimita 10. M'nyumba yanu, mita imodzi iliyonse ya mulitali, kuchokera khoma ili kufika khoma ilo la mamita 6, iyenera kudya matumba pafupifupi anayi. Akafika pakati pa nyumba, werengani matumba otha. Mukapeza 15 kapena 16, zikuyenda bwino. Mukapeza 10, imitsani ntchito muyeze wilibala, chifukwa mchenga ndi kwale zikupitirira. Mukapeza 19, tengani tepi muyeze kuchindikala, ndipo mutumize munthu kusitolo dzuwa lisanapendeke, chifukwa konkire wolumikiza mawa lake amakonda kung'aluka pamalumikizo pomwepo.