Yambani mwaika foni pa Airplane mode, alamu

"Alamu, ndili ndi zithunzi 40 zoti ndizikongoletse, zina zizioneka ngati zojambula pamanja. Ndichitire pafoni kapena pa laputopu? Bandulo ikungonditheratu."

Eee alamu, ndamva, koma zolemba zinditalikira, ndingoyankhula.

Musanachotse kapena kuika chilichonse, ikani foni pa Airplane mode, mutsegule pulogalamu mukugwiritsa ntchitoyo, muyese kusintha chithunzi chimodzi. Chikasinthika, ndiye kuti ntchito ikuchitikira m'foni mwanu momwemo. Koma mukaona kachizunguliro kakungozungulira osatha, dziwani kuti imayamba yatumiza chithunzicho pa intaneti, chikasinthidwe kwinako, kenaka chibwerere. Bandulo yanu ikuthera pamenepo. Chithunzi chimodzi cha kamera ya foni chimakhala cha 3 kapena 4 MB. Pulogalamuyo ikamatumiza chathunthu, zithunzi 40 zija zikhoza kufika 160 MB kupita kokha, osawerengera mavidiyo otsatsa malonda aja. Ine inandipusitsapo ina yake ya makatuni: netiweki ikadukira pakati, imayambiranso kutumiza. Chithunzi chimodzimodzi ndinachilipirira katatu.

Pa zokonza mitundu, ikani Snapseed. Ndi yaulere, ndi yaing'ono, ndipo mukaikopera kamodzi basi, imagwira popanda intaneti. Konzani chithunzi choyamba mofatsa. Mu Tools muli Tune Image yowalitsira kapena kudetsa, ndiye Vintage ndi Grainy Film zimachipatsa maonekedwe a zithunzi zakale zija. Mukachisunga, tsegulani chachiwiri n'kudina Last edits, chitengera zonse munachita pa choyamba. Kungoti muzichita chimodzichimodzi, ndiye 40 zonsezo chala chimva kuwawa.

Aa, dikirani, za zojambula pamanja zija ndaiwala. Zimenezo Snapseed siichita bwino, ndi ntchito ya laputopu. Pali GIMP, nayonso yaulere. Mukalowa pa Filters, kenaka Artistic, mupeza Oilify, yochititsa chithunzi kuoneka ngati chopaka penti, ndi Cartoon yoika mizere yakuda m'mbali mwa zinthu. Vuto lake ndi kukula, ili cha m'ma 300 MB. Musayerekeze kuikopera ndi bandulo yanu. Pezani amene ali nayo kale akuikireni pa fulashi, fayilo imodzi yomweyo imaikika pa makompyuta ambirimbiri, ndipo ikalowa siifunanso intaneti.

Posamutsa zithunzi kupita pa laputopu gwiritsani chingwe, osati kudzitumizira pa WhatsApp. Iyo imazifinya, ndipo mukadzaikapo Oilify pa chithunzi chofinyidwa, timadontho tam'masaya tija timasanduka zigamba, munthu n'kumaoneka ngati watupa nkhope. Ngati chingwe palibe, tumizani ngati Document, koma sankhani zisanu zokha zofunika penti zija. Zotsalazo malizirani pafoni.

Laputopu yanu ija, kodi batire lake likusungabe moto? Mundiuze kaye zimenezo.