Kufewetsa imelo yopita kwa bwana wamkulu

"Ndalembera bwana wamkulu kuti: 'Simunasainebe bajeti. Ntchito yaima chifukwa cha inu.' Ndingaikonze bwanji kuti asakhumudwe koma amve?"

Achimwene, chimene chikubaya mu imeloyi ndi mawu akuti "chifukwa cha inu". Mwaloza munthu chala, ndiye iwo ayamba kudziteteza m'malo motenga cholembera. Lozani bajetiyo ndi ntchito imene yaima. Ine ndikanalemba motere:

"Bwana, ndikukumbutsako za bajeti yokonzera galimoto imene ndinatumiza pa 3 Juni. Ikudikira siginecha yanu, ndipo amakaniko sangayambe ntchito isanavomerezedwe. Ndikupempha kuti muione pofika Lachinayi masana, kuti galimoto idzanyamuke Lolemba. Ndaiphatikizanso pano. Ngati pali chofunika kukonza, mundiuze ndikonze lero."

Taonani kuti tsiku ndalitchula. Ambiri tikafuna kulemekeza timalemba kuti "mukapeza mpata", kenaka timapepesa katatu. Bwana akawerenga zotere amaona ngati nkhaniyo ingadikire mwezi wamawa, ndipo galimoto imakhalabe pagalaja. Musapepese, simunalakwe. Komanso poyamba pano musaike mabwana ena pa CC, chifukwa zimaoneka ngati mwakawanenera. Zimenezo muzisungire ngati Lachinayi litadutsa ali chete.