Webusaiti ya shopu: makiyi akhale m'manja mwanu

"Achimwene, shopu yanga ya zovala ku Limbe ikukula ndipo makasitomala akufuna kuoda pa foni, koma ndalama ndi zochepa. Nditenge Shopify kapena Wix, WordPress, kapena ndipeze mnyamata andilembere webusaiti yangayanga?"

Mayi, funso lanuli landikhudza, chifukwa mlamu wanga nkhani yomweyi inamulizapo. Iye amagulitsa nsapato, ndipo anapeza mnyamata waluso amene anamulembera webusaiti kuyambira pansi. Inali yokongola ndithu. Koma domeni, lija dzina la webusaiti, mnyamatayo analembetsa pa imelo yake, mapasiwedi onse n'kusunga yekha. Atapeza ntchito ku Joni foni inasiya kuyankhidwa. Mtengo wa nsapato utakwera, mlamu sanathe kusintha ngakhale nambala imodzi, makasitomala n'kumabwera akukangana naye za mitengo yakale. Wina amene anamuitana kuti akonze anati sangalowemo, n'kwapafupi kuyambiranso. Chaka chitatha domeni sinalipiridwe, webusaiti n'kuzima, pomwe dzinalo linali litasindikizidwa kale pa majumbo ndi pa chikwangwani. Choncho zoti munthu akulembereni yanuyanu ndikukana. Zimenezo n'za kampani yotha kulipira wokonza mwezi ndi mwezi.

Shopify ndi Wix, makampani obwereketsa mawebusaiti okonzeratu, n'zosavuta, madzulo amodzi katundu waoneka kale pa intaneti. Vuto ndi dola. Amalipiritsa mwezi uliwonse m'ndalama zakunja, kudzera pa khadi ya ku banki, ndipo mukudziwa mmene dola imasowera kuno. Tiyerekeze kuti mumalipira madola 30 pamwezi. Kwacha isanagwe ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, imeneyo inali pafupifupi K35,400. Itagwa inafika K51,000, musanagulitse ndi diresi limodzi lomwe. Khadi ikakana, shopu yatsekedwa. Ndiponso Shopify Payments, njira ya Shopify yolandirira ndalama za makasitomala, sigwira ntchito ku Malawi, pomwe makasitomala anu ndalama zawo zili pa Airtel Money ndi Mpamba. Ndimadabwa anthu akamatsutsana za mitundu ndi zithunzi asanafunse kuti kasitomala alipira bwanji!

Ndiye mutani?

Tengani WordPress, pulogalamu yopangira webusaiti, muikepo WooCommerce, pulagini kapena kuti kapulogalamu kowonjezera kosandutsa webusaiti kukhala shopu. Zonsezi n'zaulere, mumalipira domeni ndi hositingi basi, malo osungirapo webusaiti pa intaneti, ndipo funani kampani ya hositingi yolandira makwacha. PayChangu, kampani ya ku Malawi yolandirira ndalama pa intaneti, ili ndi pulagini ya WooCommerce yolandirira ndalama za pa foni. Si kuti mulibe ntchito: mapulagini amafuna kuwakonzanso pafupipafupi, mukawalekerera akuba amalowa, ndipo zithunzi zolemera zimamaliza bando ya kasitomala tsamba lisanatseguke.

Mnyamata mutha kumulemba kuti akuikireni, koma domeni ndi hositingi zilembedwe pa imelo yanu, akaunti yanu ikhale ya Administrator, yokhala ndi mphamvu zonse pa webusaiti. Musanamalize kumulipira, sinthani nokha mtengo wa chinthu chimodzi iye akuona, kenaka mugule chovala chotchipa ndi foni yanu, muone ngati ndalama yafika.