Chiletso cha ufulu pa mayeso: phunzirani pa lamulo la vakabu

"Achimwene, ndili chaka chachiwiri cha maphunziro a zamalamulo. Funso likamati ndiweruze ngati chiletso cha ufulu chikulingana ndi cholinga chake, ndimalemba masamba atatu koma malikisi osaoneka. Ndikulakwitsa pati?"

Achemwali, kalata yanu yanditosa pachilonda. Inenso ndinagwapo pa funso lotereli. Anatipatsa nkhani ya khonsolo yopeka imene inaletsa anthu kuyenda usiku ati pofuna kuthana ndi akuba. Ndinadzaza masamba ndi kuipa kwa umbava, ndinatchula gawo 44 la Malamulo Oyendetsera Dziko, lonena za ziletso za ufulu, kanayi konse, n'kutuluka m'chipindamo ndikudzimva. Pepala litabwera, mphunzitsi anali atalemba m'mbali ndi cholembera chofiira mawu awiri okha: "Ndiyeno bwanji?" Ndinakwiya sabata yathunthu. Chinandipweteka kwambiri n'chakuti mayi anga ankadzuka 3 koloko m'bandakucha kukapikula tomato, dengu pamutu, tochi m'manja. Chiletso chimene ndinkachiikira kumbuyocho chikanayamba kugwira iwowo, koma m'mayeso sindinawakumbuke n'komwe.

Ndinamvetsa bwino nditawerenga mlandu wa Gwanda wa mu 2017. Bamboyu ankagulitsa majumbo, ndipo apolisi anamugwira cha m'ma 4 koloko m'mawa ali pa ulendo wopita ku Limbe kukachita geni. Anamuzenga mlandu potengera gawo 184(1)(c) la malamulo a milandu, lija tonse timalitcha la vakabu. Linkati munthu wopezeka pamsewu kapena pamalo ena pa nthawi ndi m'njira yopatsa maganizo akuti ali ndi cholinga choipa, walakwa basi. Khoti Lalikulu linagamula kuti gawoli likutsutsana ndi Malamulo Oyendetsera Dziko.

Taonani mmene limagwera. Cholinga, kupewa umbanda, n'chabwino, ndipo palibe angatsutse. Apa ndi pamene ophunzira ambiri amathera inki, pamene ziganizo ziwiri zikanakwana. Funso lotsatira n'lakuti, kodi kugwira woyenda usiku kumathandizadi kuchepetsa kuba? Pang'ono pokha mwina, poti akuba enanso amayenda usiku. Vomerezani zimenezo, musaope. Malikisi ali pa funso lachitatu: kodi panalibe njira ina yofikira cholinga chomwecho popanda kupweteka ufulu chonchi? Inalipo. Apolisi ali kale ndi mphamvu yomanga munthu amene akumuganizira pa zifukwa zomveka kuti wapalamula mlandu, ndipo kuyesa kuthyola nyumba ndi mlandu kale. Ndiye vakabu ankawonjezera chiyani, kupatula kukokolola wamajumbo, mlonda woweruka ndi mayi wa tomato? Chomaliza, ikani pasikelo. Mbali ino munthu wosalakwa wagona m'chitokosi, wachita manyazi, geni ya tsikulo yapita. Mbali inayo phindu lake ndi longoganizira. Onaninso amene ankagwidwa: woyenda pansi, osati wa pagalimoto. Chimenecho ndi tsankho, ndipo gawo 20 la Malamulo Oyendetsera Dziko limaletsa.

Ndinene mosabisa, yankho limene silitchula njira ina ngakhale imodzi, ndi dzina lake, siliyenera kukhoza. Kungolemba kuti "panali njira zina" ndi ulesi wovala tayi. Ndimatopanso ndi aja oloweza mlandu wa Oakes wa ku Canada wa mu 1986 ngati vesi la pamtima. Mafunso ndayalawa anatchuka ndi mlandu umenewo, inde, koma ife tili ndi gawo lathu ndi mawu ake. Oakes ndi wothandiza kutanthauzira, sangalowe m'malo mwa gawo 44.

Pa pepala lenileni

Yambani ndi kutchula ufulu wakhudzidwa ndi gawo lake, monga 39 pa kuyenda kapena 38 pa zionetsero, n'kusonyeza kuti waphwanyidwadi. Mukatero mtolo wasamukira kwa boma kuti lidziteteze, ndipo nenani zimenezo poyera. Kenako tsatani gawo 44(1): chiletso chikhale cholembedwa m'lamulo lomveka bwino, chikhale chanzeru, chovomerezeka pa mfundo za ufulu za dziko lonse lapansi, komanso chofunikadi m'dziko lomasuka la demokalase. Ngati chiletso changochokera pakamwa pa bwana wa ofesi, chagwa pa khomo loyamba, komabe pitirizani kuyesa zotsalazo chifukwa wochonga akuzidikira. Mafunso anayi aja alowa pa "chanzeru" ndi "chofunikadi". Tsekani ndi 44(2): lamulo lisaphe mtima weniweni wa ufuluwo, ndipo ligwire aliyense mofanana.

Ngati funso lili la mphindi 45, perekani zosachepera 15 ku njira zina ndi sikelo ija, pogwiritsa ntchito timfundo ta m'funsomo: chiletso ndi cha masiku angati, dera liti, alipo opatulidwa, chilango n'chotani. Ndipo samalani ndi buku lanu. Mabuku akale amatchula ndime ya 44(1) ija kuti 44(2), chifukwa manambala anasintha ndi kukonzedwa kwa malamulo kwa mu 2010.