Mayi wolemba anthu ntchito wandilembera pa WhatsApp, ndimuyankhe bwanji?

"Atsibweni, mayi wina wa kampani yofunira mabwana antchito wandilembera pa WhatsApp za ntchito yosunga katundu ku Moatize. Akuti nditumize CV, chitupa cha unzika cha BI ndi masetifiketi pomwepo, malipiro wawatchula pa uthenga wa mawu, intavyu ndi Lachinayi ku Tete. Ndizingoyankha pa foni pompo?"

[Uthenga wa mawu, wolembedwa kuti onse m'gulu la banja awerenge]

Eya mphwanga, ndamva. Muyankhe pomwe wakupezapo, lero lomwe asanaweruke. Koma sikuti zonse zidutse pamenepo ayi. Za nthawi ndi malo, monga "ndifike ola lanji", "ofesi ili mbali iti", "shapa yachedwa pa Zóbuè", zimenezo ndi za pa WhatsApp. Chilichonse chokhala ndi chikalata, ndalama kapena lonjezo chipite pa imelo.

Usanalembe kalikonse, yamba wayang'ana foni yakoyo ndi maso a mayiyo. Chithunzi chako chija uli ndi anzako ku bawo chichoke, uikepo cha nkhope yako yokha, malaya a kolala. Dzina likhale lomwe lili pa BI, osati la kubwalo la mpira lija. Ukasunga nambala yake, naye n'kusunga yako, azitha kuona masitetasi ako onse, ndiye lowa pa zachinsinsi za sitetasi umuchotse pa anthu oona. Ndiponso nambala ikhale imodzi, yomwe ili pa CV. Inu a ku Ulongwe kuno mumakonda lero Movitel, mawa Vodacom, mkuja laini ya ku Malawi. Iye akulemberana ndi anthu ambirimbiri, nambala yachilendo ya +265 ikamulowera sadziwa kuti ndiwe.

Polemba, lemba m'Chipwitikizi chokwanira ngati iye wayamba m'Chipwitikizi, popanda zodula mawu zija mumalemberana achinyamata, popanda timitima ndi tizithunzi toseka. Uthenga ukhale umodzi wathunthu: moni, dzina lako lonse, ntchito yomwe ukufunsira, kenako chomwe ukufuna. Mwachitsanzo: "Mwadzuka bwanji mayi. Ndine uje, wofunsira ntchito yosunga katundu ku Moatize. Ndikutsimikiza kuti Lachinayi ndifika. Chonde ndipatseni ola, malo enieni, ndi imelo ya ku ofesi yoti nditumizeko mapepala." Basi. Osati kuponya "Bom dia" yekha n'kukhala chete kudikira, kenako "muli bwanji", kenako "ndili ndi funso". Foni yake yalira katatu ndipo sanamve kanthu. Iye akatumiza uthenga wa mawu, iwe yankha ndi zolemba, chifukwa mawu sangawamvetsere ali pa msonkhano, komanso mawa sangawafufuze ndi dzina lako. Nthawi yolemba ndi ya ntchito, kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka cha m'ma 5 madzulo, Lolemba mpaka Lachisanu. Ukaona timizere tiwiri tabuluu koma osayankhidwa, usamuimbire. Dikira masiku awiri a ntchito, ukumbutse kamodzi mwaulemu.

Tsopano za mapepalazo, mvetsera bwino. Ukajambula setifiketi n'kuitumiza ngati chithunzi wamba, WhatsApp imachifinya kuti chipepuke, ndiye chidindo ndi manambala ang'onoang'ono zimafika zosawerengeka. Chachiwiri, mayiyo sindiye wolemba ntchito womaliza. Ayenera kupereka mapepala ako kwa bwana wa ku Moatize, ndipo zimenezo amachita pa kompyuta, pa imelo. Zithunzi zisanu ndi ziwiri zopanda mayina zili mu foni yake, pakati pa za anthu ena, n'zosavuta kusokonekera. Ndiye pita pa malo ojambulitsa mapepala akupangire sikani, chikalata chilichonse chikhale PDF yakeyake yokhala ndi dzina, monga `CV_Dzina_Lako.pdf` ndi `BI_Dzina_Lako.pdf`. Gmail imanyamula mpaka 25 MB pa kalata imodzi, zako sizifika n'komwe pamenepo. Pa mutu wa imelo lemba `Candidatura - Fiel de Armazém - Moatize` ndi dzina lako. Ukatumiza, bwerera pa WhatsApp ndi mzere umodzi: "Mayi, mapepala ndatumiza pa imelo yanu tsopano lino." Ambiri sachita zimenezi, imelo n'kugona masiku osatsegulidwa. Akaumirira kuti CV aione pa foni msanga, itumize kudzera pa `Documento`, osati pa zithunzi. Koma CV yokha. BI ndi nambala ya msonkho ya NUIT zidikire imelo.

Kupempha imeloko kuli ndi phindu linanso: kumakuonetsa ngati munthuyo ndi weniweni. Yang'ana zomwe zili kumapeto kwa chizindikiro cha @. Ngati pali dzina la kampani, ndipo likufanana ndi lomwe lili pa chilengezo cha ntchito, mtima ukhale pansi. Makampani ena ang'onoang'ono amagwiritsadi Gmail, ndiye pamenepo funsa komwe kuli ofesi, wina wa ife wa ku Tete akaone ndi maso. Koma akakana imelo, akakana kutchula ofesi, kenako n'kuti tumiza mametikali 1,500 pa M-Pesa kapena e-Mola "a fomu" kapena "a kuchipatala", leka pomwepo. Wofunira bwana antchito amalipidwa ndi bwanayo, osati ndi iwe. Ndipo wina akakupempha manambala 6 omwe abwera pa meseji, ameneyo akufuna kukubera WhatsApp yako.

Za malipiro ndiye zenizeni. Pa WhatsApp munthu amatha kukonza uthenga mkati mwa mphindi 15, amatha kuufufuta mbali zonse ziwiri mpaka pafupifupi masiku awiri, ndipo akatsegula mauthenga ozimiririka, zonse zimapita zokha pakatha maola 24, masiku 7 kapena 90. Foni ikabedwa ulibe bakapu, zapitanso. Imelo ikafika kwa iwe, wotumiza sangaichotsenso. Tsono tiyerekeze wanena kuti mametikali 18,000 pa mwezi. Kodi ndi asanadule kapena atadula? INSS, bungwe la boma la penshoni, imatenga 3 peresenti kwa wantchito, apo ndi 540, watsala ndi 17,460, osawerengera msonkho wa IRPS ngati malipiro afika pokhomedwa. Kodi chakudya ndi galimoto yopita kuntchito zili momwemo? Malo ogona ku Moatize alipira ndani? Lendi ya kumeneko si ya ku Ulongwe. Usakambirane zimenezi ndi chala chachikulu uli pa msika. Intavyu ikatha, akati takutenga, khala pansi ulembe imelo: "Malinga ndi zomwe tinakambirana, ndamva kuti malipiro ndi akuti asanadule, kontirakiti ndi ya miyezi yakuti, nthawi yoyesedwa ndi yakuti, ndiyamba pa tsiku lakuti ku Moatize. Chonde tsimikizani kapena mundikonze." Ngati panali kusamvana, kuonekera pamenepo, usanalipire nyumba.

Ndipo ganyu uli nayoyo usaisiye chifukwa cha "zatheka" wa pa foni. Dikira kalata kapena kontirakiti ifike pa imelo, uiwerenge, unditumizire ndione nawo.

Chomaliza, za Lachinayi. Lachitatu masana mulembere mzere umodzi wotsimikiza ola, umupemphe akuponyere `Localização`, mapu oonetsa pomwe pali ofesi. Mapepala enieni anyamule m'envulopu. Shapa ikachedwa panjira, lemba ola la intavyu lisanakwane, utchule pomwe wafika ndi nthawi yomwe ukuganiza kuti ufika. Netiweki ya intaneti ikavuta m'mapirimo, tumiza meseji wamba, ndiye usungeko kakirediti. Uwapatse moni amayi ako.