Kasitomala akati aganize kaye

"Achimwene, pali mayi wina wa okala ku Ndirande amene wafunsa kawiri za nyale ya sola imene ndikugulitsa pa K45,000, koma nthawi zonse akuti aganize kaye. Ndiwauze chiyani kuti agule popanda kuwakakamiza?"

Mphwanga, munthu amene wafunsa kawiri katunduyo akumufuna ndithu, koma pali chinthu chimodzi chimene chikumubweza m'mbuyo, ndipo iwe sunachidziwe. Choncho ukapitanso usakayambe ndi kutamanda nyaleyo, chifukwa zimenezo anazimva kale. Ukawafunse mwaulemu kuti, "Mayi, chikukukayikitsani ndi mtengo, kapena mukuopa kuti iwonongeka msanga?" Ukatero ukhale chete mpaka ayankhe okha.

Akanena za mtengo, usathamangire kutsitsa, poti munthu akaona K45,000 yasanduka K38,000 nthawi yomweyo amaganiza kuti poyamba umafuna kumubera. Uwafunse ndalama zimene amawononga pa makandulo magetsi akazima. Tiyerekeze kuti akuti K500 madzulo alionse amene magetsi azima, kanayi pa mlungu. Imeneyo ndi K2,000, kutanthauza kuti nyaleyo idzabweza ndalama zake pakatha milungu 23, miyezi isanu ndi umodzi isanakwane. Uwerenge nawo limodzi papepala, ndipo manambalawo akhale ochokera pakamwa pawo, chifukwa masamu ako angathe kuwakayikira koma awo sangawatsutse. Zikapezeka kuti okalayo amatseka kusanade ndipo makandulo sagula kawirikawiri, uwauze moona kuti nyale yotchipirapo ingawakwanire.

Koma ine ndikuganiza kuti nkhani yawo ndi mantha, poti anthu ambiri anagulapo nyale zimene batire lake linafa pasanapite nthawi ndipo wogulitsa sanaonekenso. Munthu wotere malonjezo samusuntha. Ngati ungathe, uwasiyire nyaleyo masiku awiri ayese okha, uwauze maola enieni amene imayaka ikadzaza, ndipo usabise kuti masiku a chiperoni, kukakhala mitambo tsiku lonse, siidzaza bwino ndipo imazima msanga. Ukatchula wekha chofooka chimenechi adzakhulupirira zina zonse zimene wanena. Uwalembere pa lisiti nthawi imene angabweze ikavuta, ndiponso kumene angakupeze.

Chimene ndikukuletsa ndi kunena kuti yatsala imodzi kapena kuti mawa mtengo ukwera pamene si zoona, chifukwa ku Ndirande nkhani imayenda msanga. Akati akafunse kaye bambo a kunyumba, usawatsutse, koma uwapatse pepala la masamu lija apite nalo, ndipo uwafunse tsiku limene iwo akufuna kuti ubwerenso. Ukaona kuti ayamba kungovomera chilichonse mofulumira kapena asiya kuyankha foni, udziwe kuti wawapanikiza. Ukapite tsiku limene asankhalo, kamodzi kokha, ndipo akakana uwathokoze, ugule sopo pa okala pawo ngati unali kumufuna, n'kuwasiyira nambala yako.