Jeti sitirimu ndi kuzizira kwa mu Juni kwathu kuno

"Aphunzitsi, ndili kalasi 10 ku Ulongwe. Ati jeti sitirimu imayendetsa nyengo, ndiye kuti ndi yomwe imatibweretsera mvula? Ndikuopa kulakwa pamayeso."

Mwanawe, ukalemba choncho walakwa ndithu. Jeti sitirimu ndi mphepo yamkokomo yomwe imathamanga kumwamba kwenikweni, makilomita 9 mpaka 16 kuchoka pansi, komwe kumadutsa ndege zija, ndipo imachoka kumadzulo kupita kummawa, liwiro lake nthawi zambiri limaposa makilomita 150 pa ola. Imabadwira pomwe mpweya wozizira wochokera kumathero a dziko wakumana ndi wofunda, kenako kuzungulira kwa dziko nkuipotolera kummawa. Kusiyana kwa kutentha kukakula iyonso imakula mphamvu, nchifukwa chake imalimba m'nyengo yozizira.

Siyenda mowongoka ayi, imakhotakhota ngati Zambezi, ndiye mikuntho ya m'munsi mwake imayambira m'makhotamo nkumatsatira njira yomweyo.

Tiye titsate umodzi. Mu Juni jeti ya kummwera imasendera kumpoto, kufupi ndi madigiri 30 kummwera kwa ikweta. Mkuntho wabadwa panyanja ya Atlantiki, jeti ikuukokera kummawa, patapita masiku ochepa wafika ku Kepitawuni, mvula yagwa, ndiye chifukwa chake kumeneko mvula yawo imagwa ife tikuotha moto. Mkunthowo ukadutsa, kumbuyo kwake kumatsatira mpweya wolemera wozizira, womwe umazungulira kunsi kwa Joni nkutulukira kunyanja ya Indiya, kutola chinyontho, nkulowa m'Mozambiki kuchokera kummwera chakummawa. Ukakwera mapiri a Angoniya ndi Tsangano basi kwachita mitambo, kamvula kowaza, mwera uli kuu, anthu m'majuzi tsiku lonse. Ena amati chiperoni. Jetiyo sinafike pamwamba pathu koma yomwe yatuma kuzizirako ndi iyoyo.

Mvula yodzalira chimanga ndi nkhani ina. Tete ali pa madigiri 16, ndipo pofika Disembala jeti imakhala itathawira kummwera, ife mvula timaipeza mphepo zonyowa zochokera kunyanja ya Indiya ndi ku Kongo zikakumana pamwamba pathu dzuwa litatentha. Ngakhale namondwe Freddy wa 2023 anayambira kufupi ndi Ositireliya nkudutsa nyanja yonse kulowera kumadzulo, mosemphana ndi jeti, chifukwa ankakankhidwa ndi mphepo za kummawa. Ana ambiri amagwera pamenepa, akangoona mawu oti mkuntho basi alemba jeti.

Ngati foni ili ndi data, tsegula mapu a mphepo usankhe 250 hPa, womwe ndi mulingo woonetsa mphepo za kumwamba komwe kumadutsa jeti, uona kamzere ka mphepo yamphamvu kakudutsa cha ku Joni. Kauyang'ane mu Julayi, udzauyang'anenso mu Januwale, uone mmene wasunthira. Ukaikonda ntchitoyi limbikira masamu ndi fizikisi, maphunziro a zanyengo aliko ku yunivesite ya Eduardo Mondlane ku Maputo, ndipo a INAM, nthambi ya boma yoona zanyengo, amalemba anthu otere.